Warp kapena Displace: chimene chimamatadi zilembo pa botolo la malambe

Tiyerekeze kuti mayi wina wogulitsa juwisi wa malambe pamsika wa Mangochi wakutumizirani chithunzi cha botolo lake. Akufuna aone kaye mmene dzina lakuti MALAMBE lionekere pa lebulo asanalipire ndalama zosindikizira. Zilembo zakale mwazifufuta, lebulo yatsala yoyera. Apa anzathu ambiri ogwiritsa ntchito Photoshop amagawikana. Ena amathamangira Warp, chida chopindira zilembo, ena amati chinsinsi ndi Displace, chida chozisuntha potsatira kuwala ndi mdima. Ine ndimati pa botolo ntchito yaikulu ndi ya Warp, ndipo Displace ndi womalizitsa chabe, nthawi zina safunika n'komwe. Zifukwa zake zimaoneka bwino tikayeza botololo.

Pachithunzicho botolo ndi lotambalala mapikiseli 600, kutanthauza kuti kuchokera pakati kufika m'mphepete ndi 300. Lebulo yakuta gawo limodzi mwa magawo atatu a kuzungulira kwa botolo, madigiri 60 mbali iliyonse kuchokera pakati. Itayalidwa patebulo ingakhale yotalika mapikiseli 628, koma ikakulungidwa pa botolo kamera imangoona 520. Enawo sanatayike, apindikira kumbuyo. Ndipo kupanikizanaku sikufanana paliponse. Chilembo A cha pakati pa dzinalo chimaoneka pafupifupi mmene chilili, pamene chilembo chofika kumapeto kwenikweni kwa lebulo chimachepa m'lifupi ndi theka. Malire a lebulo ayenera kusuntha mapikiseli 54 kulowera pakati. Nambala imeneyi muisunge.

Kupindika kwachiwiri ndi kwa mzere. Mayiwo anajambula ataimirira, foni ili pamwamba pa botolo, choncho mizere yonse yopingasa yagwa pakati n'kukwera m'mbali. M'munsi mwa botolo kugwako n'kwakukulu kuposa chakukhosi. Musapeke ndi m'mutu, malire a pamwamba ndi a pansi a lebulo yeniyeniyo ndi amene akuuzeni.

Mu Photoshop, njira yachangu ndi Type > Warp Text. Pali masitayilo awiri osokoneza, Arc ndi Arch. Arc amapendeketsa zilembo, M n'kugonera kwina E kwina, pamene pa botolo loongoka miyendo ya zilembo iyenera kuimabe chilili. Arch ndiye amaisiya itaima, ndipo Bend ikakhala pansi pa ziro mzere umagwa pakati monga tikufunira. Vuto lake, Arch amangopinda mzere osapanikiza za m'mbali. Pa mawu aafupi okhala pakatikati, monga 500 ml, palibe angazindikire. Pa MALAMBE wodzaza lebulo yonse, M ndi E amatsala onenepa ngati A wapakati, diso n'kuona kuti zilembo zikuyandama kutsogolo kwa botolo. (Warp Text akakana, onani ngati simunayatse Faux Bold, chifukwa ziwirizi siziyendera limodzi.)

Warp wamanja ndi amene amathetsa zonse ziwiri. Jambulani bokosi lotalika mapikiseli 628, lembani dzinalo pamwamba pake, sankhani maleya onse awiri n'kudina Convert to Smart Object. Bokosilo n'lofunika. Mawa mayi aja akadzati muonjezere mawu, kukula kwa za m'katimo sikusintha, ndipo kupinda kwanu sikusokonekera. Kenako Edit > Transform > Warp, pa Grid sankhani 4 x 4. Mizere yoimirira yagawa lebulo m'zigawo zinayi zofanana, chilichonse mapikiseli 157. Pa botolo, ziwiri zapakati ziyenera kukhala 150 chilichonse, ziwiri za m'mbali 110. Kokani mizereyo ifike pamenepo, kenako tsitsani madontho apakati mpaka malire a bokosi agone ndendende pa malire a lebulo. Mukamaliza, lowani m'kati mwa Smart Object mubise bokosilo osasintha kukula kwa tsamba.

Zimafuna kudekha, ndipo dzanja likatsetsereka mwendo wa L umakhota. Photoshop wa kuyambira 2022 ali ndi Cylinder pa mndandanda wa Warp, amene amapinda pamwamba ndi pansi padera komanso kupanikiza m'mbali. Amene muli naye yambirani pamenepo. Ogwiritsa ntchito pulogalamu ya GIMP muli ndi Filters > Distorts > Curve Bend wopinda mzere, komanso Filters > Map > Map Object amene ali ndi Cylinder, ngakhale kumulozetsa mbali imene kamera inali n'chintchito.

Nanga Displace? Iye sadziwa kuti pali botolo. Amawerenga kuwala ndi mdima wa chithunzi china chakuda ndi choyera, chimene timachitcha mapu, n'kusuntha mapikiseli a zilembo potsatira zimenezo. Imvi yapakati, ya 128, sisuntha kanthu. Zoyera zimakankhira mbali ina, zakuda mbali inayo. Pa 100 kusuntha kwakukulu ndi mapikiseli 128, ndiye pa 10, nambala imene mumaipeza mukatsegula Filter > Distort > Displace, simungapitirire 13. Ife timafuna 54. Mukati mukweze nambala kuti mufike, zilembo zimang'ambika.

Choipa kwambiri n'chakuti mapu ochokera pa chithunzi amatsatira dzuwa, satsatira maonekedwe a botolo. Dzuwa la kunyanja kuno mukulidziwa. Botolo lojambulidwa pakhonde limakhala ndi mzere wonyezimira mbali imodzi ndi mthunzi mbali inayo. Displace amakankhira zilembo za kowala m'mwamba chakumanzere, za kumthunzi m'munsi chakumanja, dzina lonse n'kupendekeka m'malo mozungulira. Mukaona chilembo chathyoka pamalo enieni pamene padutsa kunyezimira, dziwani kuti ndi zimenezi.

Pamene Displace amapambana Warp ndi pa tinthu tating'ono. Botolo likatuluka mufiriji kapena m'chidebe cha madzi oundana, pepala la lebulo limanyowa n'kuchita makwinya. Mabotolo ena apulasitiki ali ndi mizeremizere yotukuka. Kutsatira zimenezi dontho ndi dontho ndi Warp kuli ngati kutola usipa wotayikira mumchenga. Apa tengani kope la chithunzi chimene mwafufuta kale zilembo zakale, chifukwa mukasiya zakalezo mizukwa yake idzatulukira m'zatsopano. Chotsani mtundu, pakani Gaussian Blur ya mapikiseli 2 kapena 3 kuti m'mphepete mwa zilembo musachite manomano, ndipo sungani ngati fayilo ya PSD. Ngati mthunzi wa mbali imodzi ndi waukulu, Filter > Other > High Pass amaubwezera ku imvi yapakati n'kusiya makwinya okha. Mapuwo akhale ofanana kukula ndi chithunzi chanu. Yambani ndi 3 mpaka 5 pa Horizontal Scale ndi Vertical Scale, pa leya imene mwaipinda kale ndi Warp. Mukayamba ndi Displace n'kupinda pambuyo, makwinya a zilembo sakumananso ndi a pepala.

Lebulo ikakhala yosalala, yomata bwino pa galasi, Displace musiyeni. Chimene chikusowa pamenepo ndi kuwala, ndipo zida ziwirizi palibe chimene chimakhudza zimenezo. Zilembo zakuda ziikeni pa Multiply kuti mthunzi wa lebulo uzilowe. Kuti kunyezimira kudutse pamwamba pake, tsegulani Blend If mu Blending Options ya leya ya zilembo, gwirani Alt, ndi kugawa kamuvi koyera ka pa mzere wa leya yapansi, n'kukokera theka lake kumanzere. Onaninso kuthwa kwa zilembo. Chithunzi chodutsa pa WhatsApp chimafika chofewa, ndiye zilembo zanu zifunika Gaussian Blur ya theka la pikiseli kapena imodzi kuti zifanane ndi kufewa kwa chithunzicho.

Chithunzi chopindachi n'choonetsa mayi aja basi. Kwa osindikiza mutumize lebulo yoyalidwa ija, ya m'kati mwa Smart Object, itakonzedwa pa muyeso weniweni wa masentimita. Mukatumiza yopinda, botolo lidzaipindanso kachiwiri, M ndi E n'kutsala tating'ono kumapeto.