Kulipira inshuwalansi ya maliro muli kunja: nambala ya m'bale kapena banki?

Munthu wa ku Mzuzu amene akugwira ntchito ku Joni ali ndi njira ziwiri zolipirira inshuwalansi ya maliro mwezi ndi mwezi.

Njira yoyamba ndi kupempha kampani kuti izilandira ndalama kuchokera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba ya m'bale wake, mwachitsanzo mlongo wake wokhala ku Chibavi. Ubwino wake ndi woti ndalama zimafika msanga, koma vuto limabuka chifukwa dzina la wolipira limasiyana ndi la mwini inshuwalansi, ndipo ndalamazo zikhoza kukhala osalembedwa pa dzina loyenera mpaka inshuwalansiyo kuimitsidwa mwini wake osadziwa. Nchifukwa chake pempholo liyenera kukhala lolembedwa, lotchula nambala ya inshuwalansi, dzina ndi nambala ya foni ya mlongoyo pamodzi ndi chiphaso chake cha unzika, ndipo kampani iyankhenso molemba. Mlongoyo azisunga uthenga uliwonse wotsimikizira malipiro.

Njira yachiwiri ndi kulamula banki kuti izidula yokha ndalama mu akaunti ya mwini inshuwalansi. Apa mayina sasokonekera, koma akauntiyo ikauma, mwezi umadutsa osalipira.

Ine ndimakonda ya banki. Yoyambayo ndi yoyenera pokhapokha kampani itavomereza molemba.