Buku la Phindu ndi Ndondomeko ya Ndalama ya Miyezi 12

Tiyerekeze wamalonda amene wagula nyemba za K2,000,000 mu Januwale, nalipira pomwepo, kenako nkuzigulitsa kusukulu yogonera komweko pa K2,600,000, koma sukuluyo ilipira mu Epulo. Buku la phindu limalemba malondawo m'mwezi umene katundu waperekedwa, choncho likachotsa lendi ndi malipiro a wantchito okwana K300,000 pamwezi, limaonetsa phindu la K300,000 mu Januwale.

Ndondomeko ya ndalama ya miyezi 12 siyang'ana tsiku logulitsa, imayang'ana tsiku limene ndalama yafikadi m'manja kapena yatuluka. Mwezi uliwonse umakhala ndi danga lake, ndipo m'dangamo mumalemba ndalama zoyambira, mumaonjezera zolowa, mumachotsa zotuluka, kenako zotsala zimakhala zoyambira za mwezi wotsatira. Ngati wamalondayu anayamba ndi K2,500,000, Januwale atha ali ndi K200,000 yokha, ndipo popanda malonda ena, pakutha pa Febuluwale adzapereweredwa K100,000, pakutha pa Malichi K400,000, pamene buku lija likuonetsa kuti pa miyezi itatuyo wataya K300,000 yokha.

Kusiyana kwina kuli pa ngongole yakubanki: mukamabweza, buku la phindu limawerengera chiwongoladzanja chokha, pamene ndondomekoyi imachotsa ndalama yonse imene mwapereka. Kwa ine, cholakwika chachikulu ndi kulemba zolowa pa tsiku limene wogula walonjeza. Ngati amakonda kuchedwa ndi mwezi, ndalamayo ilembeni mu Meyi, ndipo muone ngati lendi ya Epulo ipezeka.