Malaya oyera kapena akuda: avale ati munthu wokhala padzuwa?

Yanikani malaya awiri a thonje pachingwe masana, ena oyera ena akuda, kenako muwakhudze patapita mphindi khumi. Akudawo mudzawapeza akuotcha, chifukwa nsalu yakuda imameza kuwala kwa dzuwa n'kukusandutsa kutentha, pamene yoyera imabweza kochuluka. Ngati malaya onsewo ndi othina, okhudza khungu, oyera apambana popanda mtsutso.

Koma akakhala otakasuka nkhani imasintha. Mu 1980 akatswiri anafalitsa zomwe anapeza atayeza mikanjo ya anthu a mtundu wa Bedouin m'chipululu cha Negev ku Israel. Mkanjo wakuda unkatenthadi kwambiri kunja kwake, koma wouvala sankamva kutentha kuposa wovala woyera. Mphepo yodutsa pakati pa nsalu ndi thupi inkachotsa kutenthako kusanafike pakhungu.

Pomwe ambiri timasochera ndi pa kupsa kwa khungu. Kumva kuzizira sikutanthauza kuti watetezeka. Cheza cha dzuwa chomwe chimaotcha khungu sichioneka ndi maso, ndipo chimalowerera mosavuta pansalu yoyera yopyapyala. Pazovala zina amalembapo UPF ndi nambala yosonyeza mmene nsaluyo imatchingira chezacho. Tisheti yoyera ya thonje imakhala pafupifupi pa UPF 5, kutanthauza kuti gawo limodzi mwa magawo asanu a chezacho limafika pakhungu. Ikanyowa ndi thukuta, chitetezocho chimatsikanso. Chovala cha UPF 50 chimangolola gawo limodzi mwa 50. Utoto wakuda umameza chezacho, ndiye apa malaya akuda ali patsogolo. Izi zimandikhudza kwambiri ndikaganiza za anthu achialubino, omwe malaya oyera opyapyala angawanamize kuti aphimba thupi, khungu likupsa mkati. Kuyesa kwake n'kosavuta: kwezani nsaluyo kudzuwa. Mukaona kuwala kukudutsa m'timipata ta ulusi, nacho chezacho chikudutsa.

Nanga tizilombo? Apa zakuda zagonja kotheratu. Udzudzu ukanunkhiza mpweya womwe timapuma, umayamba kufunafuna chinthu chakuda kapena chofiira choti uterepo. Akashembe, ntchentche zofalitsa matenda a kaodzera, amakopeka ndi mtundu wa buluu ndi wakuda, moti misampha yawo amaipanga ndi nsalu za mitundu iwiri yomweyi. Kuvala buluu m'dera la akashembe n'kudzisandutsa msampha woyenda. Alimi a njuchi nawo amavala zoyera chifukwa njuchi zikalusa zimathamangira chakuda. Komabe udzudzu umaluma podutsa nsalu yothina, ngakhale ikhale yoyera mbee.

Ine ndikamakhala tsiku lonse panja ndimasankha malaya a kaki, a manja aatali, otakasuka, a ulusi wolukidwa mothinana. Satentha ngati akuda, sakopa akashembe, ndipo ndikawakweza kudzuwa sindiona kuwala kukudutsa.