Kabuku ka magalafu a liwiro: kamaphunzitsa bwino, koma yankho limodzi kumapeto n'lolakwika

Kabuku aka ndinagulira mphwanga amene akukonzekera Fizikisi ya MSCE, ndipo takhala tikukagwiritsa ntchito madzulo teremu yathayi. N'kopyapyala, kochita kufotokopa, ndipo konse kamakamba za magalafu awiri basi: ya mtunda ndi nthawi, ndi ya liwiro ndi nthawi. Ndikapatsa nyenyezi zinayi pa zisanu.

Chimene chinandikopa ndi tsamba loyamba. Wolemba anajambula mzere wogona womwewo pa magalafu awiri oyandikana, n'kufunsa kuti galimoto ikutani. Pa galafu ya mtunda ndi nthawi, mzere wogona ukutanthauza kuti galimoto yaima, chifukwa nthawi ikupita koma mtunda sukuwonjezeka. Pa galafu ya liwiro ndi nthawi, mzere womwewo ukutanthauza kuti galimoto ikuthamanga ndithu, kungoti liwiro lake silikusintha. Mphwangayo ankangoti akaona mzere wogona amalemba kuti yaima, osayang'ana n'komwe zimene zalembedwa pa mzere woimirira wa kumanzere. Kabukuka kamamuumiriza kuwerenga kaye pamenepo: ngati pali m ndi mtunda, ngati pali m/s ndi liwiro. Panopa amayamba waloza ndi chala asanagwire cholembera.

Chitsanzo chimene wolemba anachiyala bwino kwambiri ndi cha minibasi. Inyamuka pa siteji itaima, ifika 20 m/s m'masekondi 10, iyenda choncho masekondi 30, kenako dalaivala aponda buleki n'kuima m'masekondi 5. Akiselereshoni ndi kupendekeka kwa mzere, ndiye kuti kusintha kwa liwiro kugawa ndi nthawi imene kusinthako kwatenga, a = (v − u)/t, pamene v ndi liwiro lomaliza, u ndi liwiro loyamba ndipo t ndi nthawi. Chigawo choyamba ndi (20 − 0)/10, yankho 2 m/s². Chapakati ndi ziro. Chomaliza ndi (0 − 20)/5, yankho −4 m/s², ndipo mainasiyo akusonyeza kuti liwiro likutsika. Apa wolemba anachenjeza chinthu chimene ana ambiri amagwa nacho. Buleki wayamba pa sekondi ya 40 n'kutha pa sekondi ya 45, ndiye mwana amaona 45 pansi pa galafu n'kugawa 20 ndi 45. Nthawi yofunika ndi 45 kuchotsapo 40, osati nambala imene mzere wathera.

Mtunda nawo anaulongosola mosavuta: ndi kukula kwa malo a pansi pa mzere. Amadula chithunzicho patatu. Thirayango yoyamba ndi ½ × 10 × 20, mamita 100. Rekitango yapakati ndi 30 × 20, mamita 600. Thirayango yomaliza ndi ½ × 5 × 20, mamita 50. Zonse pamodzi mamita 750. Anawonjezanso kuti njirayi ndi ya galafu ya liwiro yokha. Pa galafu ya mtunda, mtundawo umangouwerenga kumanzere, ndipo kupendekeka kwa mzere ndi kumene kumakupatsa liwiro.

Nyenyezi yachisanu yapita chifukwa cha mayankho a kumapeto. Pali funso la galimoto yochoka pa ziro kufika 72 km/h m'masekondi 10, ndipo yankho analemba 7.2 m/s². Angogawa 72 ndi 10 osasintha mayunitsi. Makilomita 72 pa ola ndi mamita 72,000 m'masekondi 3,600, amene ndi 20 m/s, choncho yankho lenileni ndi 2 m/s². Mphwanga anapeza 2, atasuzumira kumapeto anafufuta n'kulemba 7.2, poganiza kuti buku silinama. Zinandiwawa, chifukwa mwanayo anali atakhoza. Njira yachidule imene ndinamupatsa n'njoti ukaona km/h, gawa ndi 3.6 usanachite china chilichonse.

Vuto lina ndi inki. Timabokosi ta magalafu ena sitioneka bwino, moti pa galafu imene bokosi limodzi likuimira masekondi 2 umachita kupenyetsetsa ngati ukutunga singano. Ife tinkangowajambulanso pa pepala la galafu ndi rula, zimene zinamuthandizanso kuzolowera kusankha sikelo.

Mizere yokhota wolemba anangoidutsa mothamanga. Anena zoona kuti pa galafu ya mtunda, mzere wokhota umene ukunka nuimirira ukusonyeza liwiro lokwera, koma sanaonetse kajambulidwe ka tanjenti, mzere wowongoka wongokhudza pa malo amodzi, umene kupendekeka kwake kumapereka liwiro la pa nthawi imeneyo. Zimenezo tinakazipeza m'buku la kusukulu ndi m'mapepala akale a MANEB.

Kwa mwana amene amasokoneza magalafu awiriwa, kaguleni. Kungoti pakhale mphunzitsi kapena wina wodziwa woti aziyamba waona mayankho akumapetowo, makamaka pa mafunso onse a km/h.