PS4 Slim patatha miyezi: mphwanga, leka kuzula chingwe

"Achimwene, kodi chimalakwika n'chiyani ndikangozula pasoketi? Si imazimabe?"

Imazima inde, mphwanga, koma imazima ntchito ili m'kati. PS4 Slim ndinagula kwa munthu ija yatha miyezi ndithu m'nyumba muno, ndipo pa makinawo ndilibe dandaulo. Magemu amayenda bwino, kungoti fani imasokosa kukatentha. Mavuto amene taona onse achokera ku kazimitsidwe.

M'kati mwake muli hadi disiki ya 500 GB, ya mbale yozungulira ndi kasingano kolemba pambalepo. Ukamasewera, zambiri zimakhala mu memore, ndipo zimatsikira pa disiki pang'onopang'ono. Magetsi akaduka gemu ikusunga, fayilo imatsala yolembedwa theka. Ligi yako ya mpira ija inafa chomwecho. Unazula utangomaliza masewero, kachizindikiro kosunga kakadazungulira pakona, ndipo m'mawa mwake gemu inakana kutsegula fayiloyo. Si gemu inalakwa ayi.

Uthenga uja umatuluka ukayatsanso, wakuti sinazimitsidwe bwino, iwe umangoudutsa. Pomwepo makina amakhala akufufuza disiki kuti aone chawonongeka. Nthawi zambiri amakonza okha, n'chifukwa chake umaganiza kuti palibe vuto.

Kuzimitsa koyenera sikuchedwa. Dina batani la PS pa kontirola osalitaya mpaka Quick Menu ituluke, sankha Power, kenako Turn Off PS4. Kagetsi koyera kaziphethira. Apo ndiye ikutseka mafayilo, usakhudze chingwe mpaka kathimiretu. Kakakhala kachikasu ngati lalanje ndiye kuti ili pa Rest Mode, sinazime, mwina ikukopera zinthu pa intaneti. Kuno magetsi amathima osatsanzika, choncho Rest Mode ine ndinaisiya, ngakhale imathandiza kutchaja kontirola usiku.

PS4 itayamba kuchedwa kutsegula magemu mwezi uja, ndinaizimitsa, n'kudina batani loyatsira pa makinawo mpaka kulira kachiwiri, patatha masekondi pafupifupi 7. Inalowa mu Safe Mode, momwe mumakhala zida zokonzera makinawo. Ndinalumikiza kontirola ndi chingwe cha USB n'kusankha Rebuild Database. Imeneyi imakonzanso mndandanda wa zomwe zili pa disiki osafufuta magemu, ndipo inayambanso kuthamanga. Koma ligi yako sinabwerere, chifukwa fayilo yoduka pakati siilumikiza.

Choopsa kwambiri ndi kuzula pamene ikusintha pulogalamu yake yaikulu. Ikhoza kukana kuyaka n'kupempha fulashi yokhala ndi fayilo ya pulogalamuyo, PS4UPDATE.PUP, ndipo zikafika pa Initialize PS4 (Reinstall System Software), zonse za pa disiki zimapita, zako ndi zanga zomwe.

Ikauma osamva kontirola, usathamangire kusoketi. Dina batani loyatsira lomwelo osalitaya mpaka izime yokha. Ndipo Loweruka lino ubwere ndi fulashi, tikopere zimene tasunga kudzera pa Settings, Application Saved Data Management.