IRFZ44N kapena IRLZ44N: mawerengero a kalenti amene amalekanitsa ma MOSFET awiri ofanana maonekedwe

Munthu akaika IRFZ44N ndi IRLZ44N, mathiranzisita awiri a mtundu wa MOSFET, pa chikhatho chake sangaone kusiyana kulikonse kupatula chilembo chimodzi, popeza onse awiri ali ndi thupi la TO-220, miyendo itatu yotchedwa geti, direni ndi sosi yokhala m'ndondomeko imodzi, ndipo onse amapirira mavolti 55 pakati pa direni ndi sosi. Wogulitsa zipangizo zamagetsi akakhala kuti mmodzi wamuthera amangopereka winayo. Koma kwa ife amene timayatsa mapampu ang'onoang'ono kapena magetsi a LED kuchokera pa phini ya Arduino kapena ESP32, chilembo chimenechi ndicho chimagamula ngati thiranzisitayo ikhale yofunda pang'ono chabe kapena iwotche chala.

Nkhani yonse yagona pa manambala atatu. Yoyamba ndi VGS, volteji ya pakati pa geti ndi sosi, imene ifeyo timapereka. Yachiwiri ndi VDS, volteji yotsalira pakati pa direni ndi sosi pamene kalenti ikudutsa. Yachitatu ndi Vth, volteji yoyambira, imene geti iyenera kupitirira kuti pansi pake papangike kanjira ka maelekitironi kolumikiza sosi ndi direni. VGS ikakhala pansi pa Vth, thiranzisita imakhala yotseka ndipo palibe chowerengera. Ikapitirira, chimene chili ndi mphamvu si VGS payokha ayi, koma zotsala tikachotsapo Vth, zimene zimalembedwa kuti Vov, ndipo chigawo chimene thiranzisita ikugwiriramo ntchito chimadziwika poyerekeza Vov ndi VDS.

```
Vov = VGS − Vth
VDS < Vov:   ID = k × (Vov × VDS − VDS²/2)
VDS ≥ Vov:   ID = (k/2) × Vov²
```

Apa ID ndi kalenti yodutsa pakati pa direni ndi sosi. Mzere wachiwiriwo ndi wa chigawo cha thirayodi. Mmenemo kanjira kaja ndi kotseguka kuchokera ku sosi mpaka ku direni, ndipo VDS ikakhala yaing'ono kwambiri, mbali ya VDS²/2 imakhala yosanunkha kanthu, kotero kuti thiranzisita imangokhala ngati rezisita ya muyeso wa 1/(k × Vov). Apa ndi pamene swichi iyenera kukhala ikayaka. Mzere wachitatu ndi wa sachuleshoni, pamene kanjira kafinyika kumapeto kwake kwa ku direni, ndipo kuwonjezera VDS sikuwonjezeranso kalenti kwenikweni, chifukwa tsopano geti ndiyo ikulamula kuchuluka kwa kalenti, osati pampu kapena nyale imene talumikiza. Mabuku amachulukitsa mzerewu ndi (1 + λ × VDS) pofuna kusonyeza kuti kalenti imakwerabe pang'onopang'ono, koma pa zimene tikuyerekeza pano mbali imeneyo tingaisiye. Chilembo k chikuimira μn × Cox × W/L, ndiko kunena kufulumira kwa maelekitironi, kupyapyala kwa okusaidi ya pansi pa geti, ndi kukula kwa kanjirako.

Amene anayamba ndi mathiranzisita a BJT asamale ndi mawu akuti sachuleshoni. Pa BJT mawuwa amatanthauza swichi yoyaka kotheratu, pamene pa MOSFET amatanthauza chigawo chimene swichi iyenera kuchithawa.

Tsopano tione zimene mapepala a wopanga amanena. Vth ya IRFZ44N ili pena paliponse pakati pa 2 V ndi 4 V, ndipo rezisitansi yake ikayaka, RDS(on), siposa 0.0175 Ω pa VGS ya 10 V. Vth ya IRLZ44N ili pakati pa 1 V ndi 2 V, ndipo RDS(on) yake yalembedwa katatu: 0.022 Ω pa 10 V, 0.025 Ω pa 5 V, ndi 0.035 Ω pa 4 V. Chimene ambiri amachiphonya ndi chakuti Vth imeneyi imayezedwa pa kalenti ya 250 µA yokha. Choncho munthu wowerenga kuti 2 V mpaka 4 V n'kuganiza kuti 5 V ikwanira kuyatsa pampu wasokoneza pamene chitseko chikungoyamba kusuntha ndi pamene chatseguka kuti munthu adutse ndi katundu.

Wopanga salemba k, koma tingaiyerekeze pobweza fomula ya rezisitansi ija. Tikatenga Vth ya pakatikati ya IRFZ44N, imene ndi 3 V, Vov pa 10 V ndi 7 V, ndipo 1/(0.0175 × 7) ikutipatsa pafupifupi 8 A/V². Kwa IRLZ44N, Vth ya 1.5 V pa VGS ya 5 V ikupereka 1/(0.025 × 3.5), pafupifupi 11 A/V². Manambala awiriwa ndi ongoyerekeza, chifukwa mbali ina ya RDS(on) ya thiranzisita zamphamvu imachokera ku silikoni ndi mawaya amene geti siwalamula, koma ndi okwanira kutiuza chigawo chimene tagweramo, ndipo ndicho tikufuna.

Titenge mzere wa nyale wa 12 V wokoka 4 A, ndipo kuti masamu aphweke tiuwerenge ngati rezisita ya 3 Ω, ngakhale ma LED enieni satsatira mzere wowongoka chotere. Geti ikulandira 5 V kuchokera pa Arduino.

IRLZ44N siifuna masamu ambiri, popeza wopanga walonjeza kale 0.025 Ω pa volteji imeneyi. VDS ndi 4 × 0.025, imene ndi 0.1 V, kutali kwambiri ndi Vov ya 3 V kapena kuposerapo, ndipo mphamvu yosanduka kutentha ndi 0.4 W. Thupi la TO-220 lopanda chitsulo chochotsa kutentha limakwera pafupifupi madigiri 62 pa wati iliyonse, choncho apa likwera ndi madigiri 25 okha.

Kwa IRFZ44N yankho likudalira kuti m'thumba mwatuluka iti. Ikakhala ya Vth ya 3 V, Vov ndi 2 V, ndipo kalenti yochuluka imene geti ingalole ndi (8/2) × 2², imene ndi 16 A. Popeza nyale zikungofuna 4 A, thiranzisita ili mu thirayodi, VDS ndi pafupifupi 0.26 V ndipo kutentha ndi wati imodzi. Imagwira ntchito ndithu, ngakhale imatentha moti chala sichikhalitsapo, ndipo ichi ndicho chifukwa chake anthu ambiri amaumirira kuti IRFZ44N ilibe vuto pa 5 V: yawoyo inagwiradi ntchito. Koma ikakhala ya Vth ya 4 V, imene wopanga akuivomerezanso kuti ndi yabwinobwino, Vov yatsika kufika 1 V ndipo malire a kalenti ndi 4 A, ndendende imene tikufuna. Apa mbali ya VDS²/2 sitingaitayenso, ndipo tiyenera kufananitsa kalenti ya thiranzisita ndi kalenti ya nyale.

```
8 × (1 × VDS − VDS²/2) = (12 − VDS)/3
12·VDS² − 25·VDS + 12 = 0
VDS = 0.75 V,  ID = 3.75 A
```

Idakali mu thirayodi, popeza 0.75 ndi yochepera 1, koma ili m'mphepete mwenimweni, ndipo 0.75 × 3.75 ndi 2.8 W. Pa madigiri 62 pa wati, kumeneko ndi kukwera kwa madigiri oposa 170, pamene silikoni ya mkati siyenera kupitirira madigiri 175 tikaphatikiza kutentha kwa m'chipinda. Nyale zimaoneka zowala bwino, mwini wake sazindikira kanthu, kufikira fungo la pulasitiki litamveka.

Tikasamukira ku ESP32, imene phini yake imapereka 3.3 V, kusiyana kumakula zedi chifukwa cha kanambala 2 kali pamwamba pa Vov. IRFZ44N ya Vth ya 4 V siyaka n'komwe. Ya Vth ya 3 V imatsala ndi Vov ya 0.3 V, ndipo kalenti imakhala (8/2) × 0.3², imene ndi 0.36 A. Nyale zimangotenga 0.36 × 3, pafupifupi 1.1 V, ndipo 10.9 V yotsalayo imagwera pa thiranzisita. Popeza 10.9 yaposa 0.3 kutalitali, tili mkati mwa sachuleshoni, ndipo thiranzisita ikutentha ndi 3.9 W pamene nyale zikungonyezimira ngati chikoloboyi. N'zodabwitsa kwa woyamba kumene kuti kalenti yochepa kakhumi ikutenthetsa kwambiri kuposa yochuluka, koma kutentha ndi VDS kuchulukitsa ndi ID, ndipo mu sachuleshoni VDS ndiyo yakwera. Komanso Vth imatsika thiranzisita ikamatentha, kotero kuti pa Vov yaing'ono chotere kalenti imanka ikwera yokha, ndipo dera lotere silikhazikika.

IRLZ44N pa 3.3 V, ngakhale titaipatsa Vth yoipitsitsa ya 2 V, ili ndi Vov ya 1.3 V ndi malire a (11/2) × 1.3², pafupifupi 9 A. Imakhalabe mu thirayodi, VDS pafupifupi 0.3 V, kutentha pafupifupi 1.2 W. Ine ndimaivomereza pa kalenti yochepa ngati imeneyi, makamaka ndikaimangira kachitsulo kochotsa kutentha, koma ndimakumbukira kuti lonjezo la wopanga limathera pa 4 V, ndipo pansi pake tikudalira masamu athu ndi ma girafu a thiranzisita ya pakatikati. Kalenti ikafika cha ku 8 A, ndi bwino kukweza volteji ya geti kapena kufuna thiranzisita imene RDS(on) yake yalembedwa pa 2.5 V.

Izi sizikutanthauza kuti IRFZ44N ndi yoipa. Mu invata kapena chowongolera mota mmene muli kachipangizo koyendetsa geti ndi 10 V kapena 12 V, iyo ndiyo imapambana, chifukwa 0.0175 Ω ndi yochepera 0.022 Ω, geti yake imapirira 20 V pamene ya inzakeyo imalekeza pa 16 V, ndipo Vth yokwera imaiteteza kuti isayake yokha ndi phokoso la magetsi lochokera ku mota. Sachuleshoni nayonso ili ndi malo ake, pakuti ampulifaya ndi dera lopereka kalenti yosasintha zimafuna chimodzimodzi chimene swichi ikuthawa, ndiko kuti kalenti imvere geti yokha, ngakhale awiriwa anapangidwira kuyatsa ndi kuzimitsa, osati kukhalitsa m'chigawo chimenecho.

Dera likamatentha ndipo simukudziwa chifukwa, mita wamba imakuuzani chigawo m'kamphindi. Yezani pakati pa geti ndi sosi, pa miyendo yeniyeniyo osati pa phini ya bolodi, popeza waya wa girawundi wowonda umakweza sosi n'kudya mbali ya VGS. Kenaka yezani pakati pa direni ndi sosi nyale zikuyaka. Mukapeza 0.1 V kapena 0.2 V, swichi yayaka bwino ndipo kutenthako kufufuzidwe kwina, monga pa liwiro la PWM, kuyatsa ndi kuzimitsa kofulumira kumene timachepetsera nako kuwala. Mukapeza volti yathunthu kapena mavolti angapo, geti sikulandira zokwanira, ndipo mungatsimikize pochotsa waya wa phini n'kulumikiza geti ku 12 V kudzera pa rezisita ya 100 Ω: VDS ikagwa nthawi yomweyo kufika pansi pa 0.1 V, thiranzisitayo ndi yamoyo, ndipo chofunika kusintha ndi volteji ya geti kapena chilembo F chija.