Deti m'imelo: manambala okha, kapena kutchula mwezi?

Mukalemba 03/04/2025, wa ku Lilongwe awerenga 3 Epulo, pomwe wa ku New York awerenga 4 Malichi, popeza kwawo amayamba ndi mwezi. Lipoti limodzi, madeti otalikirana pafupifupi mwezi wathunthu.

Manambala okha: amalembeka msanga, koma tsiku likakhala pakati pa 1 ndi 12 amasokoneza.
Kutchula mwezi, monga "Lachinayi, 3 Epulo 2025": n'kotalikirapo, koma palibe angatembenuze. Dzina la tsikulo limathandizanso kugwira cholakwa, chifukwa 4 Malichi linali Lachiwiri.

Nthawi nayonso muimalize: "isanakwane 14:00 nthawi ya ku Malawi", osati "pofika masana".

Manambala okha asiyireni anzanu a muofesi imodzi. Imelo yodutsa malire, tchulani mwezi.